Bajeti yotengera ya chaka chatha: ndi ulesi kapena ndi malire a mutu wa munthu?

Wophunzira_Chaka3

Akuluakulu, ndithandizeni pa nkhani imene yandizunguza mutu. M'kalasi tinaphunzira kuti mkulu wa boma akafuna kupanga chiganizo amayamba wadziwa cholinga chake, kenaka amasonkhanitsa njira zonse zofikira cholingacho, amayeza ubwino ndi kuipa kwa iliyonse, n'kusankha yoposa zonse. Koma miyezi itatu imene ndinakhala pa ofesi ina ya boma kuphunzira ntchito ndinaona zina. Nthawi yokonza bajeti itakwana, bwana wa zachuma anatsegula failo ya chaka chatha, anawonjezera 6 peresenti pafupifupi pa mzere uliwonse, anakambirana mizere itatu yokha ndi akulu a madipatimenti, ndipo patsiku lachinayi bajeti inali itatumizidwa. Nditawafotokozera aphunzitsi, anangoti akatswiri a ku Amereka Herbert Simon ndi Charles Lindblom anazilemba kale zimenezi, woyambayo ponena kuti kuganiza kwa munthu kuli ndi malire, wachiwiriyo ponena kuti boma limasintha zinthu pang'onopang'ono. Funso langa lili pawiri: kodi awiriwa akunena chinthu chimodzi, ndipo kodi zimene akunenazo ndi kufotokoza kapena ndi kuikira kumbuyo ulesi?

Mlonda

Ndi ulesi umene wapatsidwa dzina la kuyunivesite. Munthu wolipidwa kuti aganize akakopera failo ya chaka chatha, sitifunikira pulofesa kuti atiuze chimene chachitika.

Mayi_wa_Manambala

A Mlonda, ndagwira ntchito yokonza bajeti zaka zoposa khumi, ndipo ndikufuna kuti muone tebulo langa mmene limakhalira nthawi imeneyo musanaweruze. Sekulala yochokera ku unduna wa zachuma imafika itatchula siling'i, ndalama zimene sitiyenera kupitirira, komanso tsiku lobwezera mapepala, ndipo kawirikawiri tsikulo limakhala lisanathe masabata awiri. Tiyerekeze kuti siling'iyo ndi 100. Mwa ndalamazo, 70 ndi malipiro a anthu olembedwa kale, amene sindingawachotse pa ntchito chifukwa choti ndaganiza mozama. Zina 20 ndi lendi, magetsi, madzi ndi makontirakiti osainidwa kale. Zotsala ndi 10, ndipo mkangano wonse wa chaka chimenecho umakhala pa 10 ameneyo. Mwana wathuyu ataona mizere itatu yokha ikukambidwa, anaona gawo lokhalo limene linali lotseguka.

Tsono ngakhale pa 10 ameneyo, taganizani kuti madipatimenti abweretsa mapulojekiti 20, ndipo pa iliyonse yankho ndi inde kapena ayi. Kasakanizidwe kake kamapitirira miliyoni imodzi. Mapulojekiti akafika 30, kamapitirira biliyoni. Palibe komiti imene ingayeze zonsezo, ndipo palibe imene imayesa n'komwe.

Kadzidzi

Mayi_wa_Manambala afotokoza bwino mbali ya Simon, ngakhale sanamutchule. Ndiyankhe funso loyamba la a Wophunzira: awiriwa ndi apachibale, koma sakunena chinthu chimodzi.

Simon anayambira pa nkhani yaing'ono. Mu 1935, akadali wophunzira, anafufuza kayendetsedwe ka mabwalo a masewera a ana mumzinda wa Milwaukee ku Amereka, kumene udindo unali wogawana pakati pa bungwe loona za sukulu ndi dipatimenti yoona zomangamanga. Mbali ziwirizi sizinkagwirizana pa kagawidwe ka ndalama. A zomangamanga ankaona bwalo ngati malo ofunika kusamalidwa, pamene anzawo ankaliona ngati malo ofunika anthu oyang'anira ana posewera. Mabuku ophunzitsa zachuma ankanena kuti ndalama ziziikidwa kumene zibweretse phindu lalikulu, koma panalibe sikelo yoyezera udzu wotchetcha bwino ndi mwana woyang'aniridwa bwino, ndipo aliyense ankaona vutolo kudzera pa zenera la dipatimenti yake. Maganizo amenewa anawakulitsa m'buku lake la mu 1947, ndipo mu 1978 analandira mphoto ya Nobel ya zachuma.

Mfundo yake ndi yakuti munthu amafuna kuganiza bwino, koma sadziwa njira zonse, sangaoneretu zotsatira zonse, ndipo nthawi imamuthera. Chimene amachita ndi kuika muyezo wa chokwanira, n'kumafufuza njira imodzi imodzi kufikira atapeza yofika pa muyezowo, ndipo akaipeza amasiya kufufuza. Mkulu wofuna nyumba ya ofesi sayendera nyumba zonse za mumzinda. Amati ikhale ndi zipinda zisanu ndi zitatu, lendi isapitirire mwakuti, ndipo yachitatu imene waona ikakwana pamenepo amasaina, osadziwa ngati yachisanu ndi chiwiri ikanakhala yabwino koposa. Akafufuza nthawi yaitali osapeza, amatsitsa muyezowo.

Lindblom, m'nkhani yake ya mu 1959, anasiyanitsa kuyambira ku muzu, kumene kuli kuunika zonse kuchokera pachiyambi, ndi kuyambira pa nthambi, kumene kuli kusintha pang'ono zimene zilipo kale, ndipo anawonjezera chimene chili chake: vuto si kuchepa kwa mutu kokha, koma kuti anthu opanga chiganizo ndi ambiri ndipo sagwirizana pa cholinga. Akafunsidwa kuti chofunika kwambiri n'chiti, msonkhano sutha. Akafunsidwa ngati avomereza kuwonjezera pang'ono apa n'kuchotsa pang'ono apo, amatha kugwirizana, aliyense pa zifukwa zake. Simon akufotokoza pamene munthu amasiyira kufufuza. Lindblom akufotokoza kumene gulu la anthu osagwirizana limafufuzira, kumene kuli pafupi ndi zimene likuchita kale.

Chitsulo_cha_Njanje

Ine ndaona mukutchula za kuwonjezera chaka ndi chaka. Inkirimenti yanga ya pa malipiro yakhala isakulowa zaka ziwiri tsopano, ndipo ndikafunsa amandiuza kuti failo ili kulikulu. Kodi pali lamulo limene Lindblom ameneyu anaika limene ndingalitchule m'kalata yanga yodandaula?

Mayi_wa_Manambala

Pepani a Chitsulo, Lindblom sanali wopanga malamulo ndipo sankanena za malipiro. Lemberani ofesi yoona za anthu ogwira ntchito, mutchule giredi yanu ndi tsiku limene inkirimentiyo inayenera kuyamba, ndipo musunge kope yodindidwa. Komabe nkhani yanu yandikumbutsa kanthu: amene amakonza mzere wa malipiro kawirikawiri amatengera ndalama zimene zinalipidwadi chaka chatha, kotero cholakwika chikalowa kamodzi chimakoperedwa chaka ndi chaka mpaka wina atachidandaula.

Mlonda

Mwavomereza nokha tsopano. Cholakwika chimakoperedwa. Ndiye nzeru zake zili pati?

Kadzidzi

Funso limenelo ndi loyenera, ndipo Lindblom anali nalo yankho, ngakhale yankholo lili ndi malire ake. Iye ankati sitepe yaing'ono ikalakwika imaoneka msanga ndipo imabwezeka, pamene kulumpha kwakukulu kochokera pa chiphunzitso chosayesedwa kukalakwika kumawononga zambiri. Ankatinso mfundo imene ofesi imodzi yanyalanyaza, ofesi ina kapena gulu lina limene yalikhudza lidzaidzutsa. Taonani kuti yankho limeneli likudalira kuti wopwetekedwayo ali ndi pakamwa ndipo pali khutu lomumvera. A Chitsulo akalemba kalata n'kuyankhidwa, njirayi yagwira ntchito. Akapanda kuyankhidwa, cholakwikacho chasanduka maziko a bajeti ya chaka chamawa. Lindblom mwini, m'zolemba zake za m'ma 1970, anavomereza kuti magulu sakhala ndi mphamvu zofanana pa kukokanakokana kumeneku, ndipo anatchula makamaka mwayi umene amalonda akuluakulu amakhala nawo.

Tsinde

Ndiloleni ndilowe, chifukwa ndikuona kuti tonse tikulankhula ngati kuwonjezera pang'ono kumatanthauza kuti palibe chikusintha. Zimenezo si zoona, ndipo masamu ake ndi osavuta. Tengani madipatimenti awiri, iliyonse ili ndi 100. Yoyamba iziwonjezeredwa 5 peresenti chaka chilichonse, yachiwiri 1 peresenti. Pa chaka chimodzi kusiyanako ndi kochepa moti palibe phungu amene angaimirire kuti afunse. Patatha zaka khumi yoyamba ili pa 163, yachiwiri pa 110. Anayamba akugawana theka ndi theka, tsopano wina ali ndi pafupifupi 60 peresenti ya ndalama zonse, mnzake 40. Pang'onopang'ono ndi mtolo, koma chodetsa nkhawa n'chakuti palibe msonkhano umene unakhala pansi n'kugamula kuti dipatimenti yachiwiri ndi yosafunika kwenikweni. Mukafufuza m'maminitsi simudzapeza tsiku limene chiganizocho chinapangidwa, ndipo simudzapeza munthu woti mumufunse.

Mayi_wa_Manambala

A Tsinde anena zoona, ndipo pali china chobisika koposa. Mitengo ya zinthu ikamakwera ndi 8 peresenti pachaka, inu n'kumalandira 5 peresenti yowonjezera, papepala mukukula koma m'zimene mungagule mukuchepa. Patatha zaka zisanu mwataya pafupifupi 13 peresenti ya mphamvu yanu yogulira zinthu, nduna ikulengezabe kuti yakuwonjezerani ndalama. Mzere umene umavutika koyamba ndi wokonza zowonongeka, chifukwa denga silidandaula chaka choyamba. Pa ofesi ina imene ndinagwirapo, mzere umenewu unakhala pa nambala imodzimodzi zaka zinayi, ndipo chaka chachisanu mvula inalowa m'chipinda chosungira mafailo, n'kupezeka kuti ndalama zokonzera mwadzidzidzi zaposa zonse zimene tinkaganiza kuti tapulumutsa.

Wophunzira_Chaka3

Zikomo nonse. Koma ngati vuto ndi kutengera chaka chatha, bwanji osangolamula kuti chaka chilichonse ofesi iziyambira pa ziro n'kufotokoza chifukwa cha ndalama iliyonse? Ndinamva kuti njira imeneyi ilipo ndipo imathetsa zonsezi.

Kadzidzi

Ilipo, ndipo inayesedwa. Mu 1962 unduna wa zamalimidwe ku Amereka unalamula nthambi zake kuti zikonze bajeti poyambira pa ziro. Aaron Wildavsky ndi mnzake atafufuza zimene zinachitika, anapeza kuti anthu anathera nthawi yochuluka kwambiri polemba mapepala, koma ziganizo zimene zinasinthadi chifukwa cha ntchitoyo zinali zochepa zedi. Jimmy Carter anagwiritsa ntchito njira yofanana nayo ali bwanamkubwa wa Georgia, ndipo atakhala pulezidenti mu 1977 anailamula m'boma lonse, koma inasiyidwa mu 1981 boma litasintha. Chochititsa chidwi ndi mmene maofesi anaichitira. Popeza palibe amene akanayerekeza moona mtima kuti dipatimenti yake kulibe, ambiri ankayambira pa gawo lalikulu la ndalama zimene anali nazo kale, n'kumasanja zowonjezera pamwamba pake. Ziro uja anasanduka chaka chatha chochotsedwako pang'ono.

Wildavsky yemweyo, m'buku lake la mu 1964, anafotokoza mawu awiri amene okonza bajeti ankayendera. Loyamba ndi maziko, ndalama zimene aliyense amayembekezera kuti zipitirira popanda kufunsidwanso. Lachiwiri ndi gawo loyenera, chiyembekezo chakuti ndalama zikawonjezeka kapena kuchepa, aliyense alandira kapena ataya molingana ndi anzake. Zinthu ziwirizi zimachepetsa masamu, komanso zimachepetsa ndewu, chifukwa kutsegula maziko ndi kudzutsa mikangano yonse imene inagonekedwa zaka zapitazo.

Mlonda

Simukunena za chinthu chimene aliyense amachidziwa. Mwezi womaliza wa chaka cha boma maofesi amagula mipando ndi makatani zimene sakuzifuna, kuti ndalama zisabwerere. Kodi amenewonso ndi malire a kuganiza?

Tsinde

Ayi, pamenepo a Mlonda akhoza, ndipo ndi bwino kusiyanitsa. Mkulu wothamangira kumaliza ndalama akuganiza bwino lomwe, akudziwa kuti ndalama zikatsala maziko ake a chaka chamawa adulidwa. Chimenecho ndi chipatso cha lamulo la kachitidwe, osati kulephera kuwerengera. N'chimodzimodzi ndi amene amapempha 120 akufuna 100 chifukwa akudziwa kuti a zachuma amadula aliyense. Vuto la mawu a Simon ndi lakuti anthu ena amawaveka pa khalidwe lililonse loipa la m'boma, ngakhale pa katangale, pamene wakuba amadziwa bwino chimene akufuna ndi njira yochipezera.

Wopuma_Ntchito

Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ndinagwira ntchito m'boma la dziko losauka kufikira nditapuma, ndipo ndikuona kuti chithunzi cha maziko okhazikika ndi cha mayiko amene ndalama zimabwera monga zinalonjezedwera. Kwa ife bajeti yovomerezedwa ndi aphungu inali chiyambi chabe cha kukambirana. Mwezi uliwonse tinkadikira kuti tione zimene a zachuma atulutse, mwezi wina theka, mwezi wina osalandira kanthu kupatula malipiro, ndipo chiganizo chenicheni chinkapangidwa m'mawa umene ndalama zafika, poyang'ana kuti wangongole uti akuopseza kudula magetsi. Sindingatchule zimenezo kusintha pang'onopang'ono. Kunali kuzimitsa moto umene wayandikira kwambiri.

Kadzidzi

Bambo Wopuma_Ntchito, zimene mwafotokozazo Naomi Caiden ndi Wildavsky anazilemba mu 1974 atafufuza mayiko osauka: bajeti imakonzedwa mobwerezabwereza chaka chonse, chifukwa unduna wa zachuma sudziwa ndalama zimene zilowe, choncho umagwira chikwama mwamphamvu n'kumaunikanso pempho lililonse. Umboni wanu ukuonetsa bwino kusiyana kumene a Wophunzira anafunsa. Mfundo ya Simon ikugwirabe ntchito pa inu, mwinanso mwamphamvu koposa, chifukwa maso anu ankatha kuyang'ana vuto limodzi pa nthawi ndipo munkatenga yankho loyamba lokwanira. Mfundo ya kusintha pang'onopang'ono ndiyo ikugwedezeka, chifukwa imafuna dzulo lodalirika loyambirapo.

Yehezkel Dror anatsutsa Lindblom mu 1964 pa mfundo yoyandikana ndi imeneyi. Anati kusuntha pang'ono ndi kwanzeru pokhapokha zotsatira za ndondomeko yamakono zili zokhutiritsa, vuto silikusintha mtundu, ndipo njira zothanirana nalo sizinasinthe. Chimodzi mwa zitatuzi chikasowa, kuwonjezera pang'ono pa zakale kumangokhala kuikira kumbuyo kusafuna kusuntha. Mliri watsopano ukagwa, bajeti ya zaumoyo ya chaka chatha siikuuzani kanthu.

Tsinde

Ndiwonjezere kuti ngakhale m'mayiko olemera nkhani ya kusintha pang'ono siifotokoza zonse. Frank Baumgartner ndi Bryan Jones, kuyambira pa buku lawo la mu 1993, anasonyeza kuti ndondomeko zimakhala zaka zambiri zosasuntha kwenikweni kenaka n'kulumpha mwadzidzidzi, ndipo pounika mabajeti a zaka zambiri anapeza kusintha kochepetsetsa kochuluka kwambiri, kusintha kwakukulu kochulukirapo kuposa mmene munthu angayembekezere, koma kwapakatikati kochepa. Amafotokoza zimenezi ndi malire omwewo a Simon: boma silingayang'ane nkhani zonse nthawi imodzi, choncho zizindikiro za vuto zimanyalanyazidwa mpaka zitaunjikana, ndipo nkhaniyo ikafika patebulo la akuluakulu amaichita mopitirira. Denga la Mayi_wa_Manambala ndi chitsanzo chake: zaka zinayi osasintha kanthu, chaka chachisanu ndalama zambiri nthawi imodzi.

Nkhwazi

Ine ndimadziwa kuti nkhaniyi inatha kale. Amitai Etzioni mu 1967 anaphatikiza njira yoyeza zonse ndi njira yosintha pang'onopang'ono: kuyang'ana dera lonse mwachidule, kenaka kuyang'anitsitsa malo ochepa amene aoneka kuti ali ndi vuto. Boma likatsatira zimenezo palibenso mkangano.

Kadzidzi

Mwamufotokoza molondola, a Nkhwazi, koma kunena kuti nkhani inatha ndi kufulumira. Malangizo a Etzioni sakuuzani kuti chiganizo chiti ndi chachikulu choyenera kuunikidwa mozama ndi chiti chaching'ono, ndipo chitsanzo cha a Tsinde chaonetsa kuti chiganizo chachikulu chingathe kubwera chitagawidwa m'tizidutswa khumi, kalikonse kooneka kosafunika msonkhano. Komanso iye akulangiza mmene ziyenera kukhalira, pamene funso la a Wophunzira linali la mmene zimakhaliradi.

Wophunzira_Chaka3

Ndiye ndikabwerera pa ofesi ija, ndingadziwe bwanji ngati bwana uja anali kuchita zimene Simon ndi Lindblom akufotokoza, kapena anali waulesi monga akunenera a Mlonda? Papepala zonse zikuoneka 6 peresenti.

Mayi_wa_Manambala

Musayang'ane chaka chimodzi. Pemphani mabajeti a zaka zisanu pamodzi ndi malipoti a ndalama zimene zinagwiritsidwadi ntchito, ndipo muwaike pambali pa anzake. Mukaona mzere umene chaka chilichonse umatsala ndi ndalama koma ukuwonjezeredwabe mofanana ndi ina, kapena mzere umene chaka chilichonse umaperewera n'kumathandizidwa ndi ndalama zosamutsidwa kuchokera kwina koma nambala yake siikonzedwa, dziwani kuti palibe amene akuphunzira kanthu pa zimene zachitika. Koma mukaona kuti woperewera uja chaka chotsatira unakwezedwa koposa ina, ndipo wotsala uja unadulidwa, ndiye kuti sitepe iliyonse ikukonza ya m'mbuyo. Funsaninso kuti mizere itatu imene inakambidwa ija inasankhidwa bwanji. Ngati inasankhidwa chifukwa lipoti la odita kapena madandaulo a anthu analoza pamenepo, bwanayo anaika nthawi yake yochepa pamalo oyenera. Ngati inasankhidwa chifukwa akulu a madipatimenti amenewo ndi amene amalankhula mokweza, nkhani ndi ina.

Mlonda

Ndipo mukapeza kuti zonse ziwiri n'zoona, kuti anawerenga lipoti la odita koma anamveranso wolankhula mokweza?

Mayi_wa_Manambala

Ndiye mwapeza zimene ine ndimapeza zaka zambiri, kuphatikizapo m'mabajeti amene ndinakonza ndekha. Chaka cha denga chija lipoti lochenjeza linali m'failo yanga, ndinaliwerenga, ndipo ndinasankha kulipira mafuta a galimoto zoyendera ntchito chifukwa mkulu wa dipatimentiyo anali ataima pakhomo langa. Mpaka lero sindinagamule ngati ndinalakwa, popeza galimotozo zikanaima ntchito ya miyezi itatu ikanaima nazo.

Wopuma_Ntchito

A Wophunzira, mukapita kukapempha malipoti amenewo muyambe mwafunsa ngati a zaka zonse zisanu alipo. Kumene ndinkagwira ntchito, a chaka chachitatu m'mbuyo ankapezeka movutikira, ndipo wokonza bajeti ankatengera chaka chatha chifukwa ndi chokhacho chimene chinali m'kabati.